Chithunzi n'chimodzi, koma mawu ndi atatu: mmene mungawerengere zikwangwani zapamsewu

Anthu ambiri akayamba kuphunzira kuyendetsa galimoto amatenga kabuku ka malamulo apamsewu n'kuyamba kuloweza zikwangwani chimodzichimodzi. Ichi ndi cha ana asukulu, ichi ndi cha ng'ombe, ichi ndi cha njanji. Akafika tsamba lachitatu mutu umakhala utayamba kale kuzungulira, chifukwa zikwangwanizo n'zambirimbiri ndipo zina zimaoneka ngati mapasa. Vuto lake n'loti maso amathamangira kachithunzi kapakati, pomwe kachithunziko ndi kofunika kukawerenga pomaliza. Choyamba kuona ndi kaumbidwe ka chikwangwanicho, kenako mtundu wake, ndiyeno chithunzi.

Kaumbidwe ndi kamene kamakuuzani kuti chikwangwanicho chikulankhula nanu motani. Cha makona atatu chimachenjeza. Chozungulira chimalamula. Cha makona anayi chimadziwitsa. Mawu atatuwa ndi osavuta kuwaloweza, ndipo pafupifupi wophunzira aliyense amawatchula bwinobwino akafunsidwa. Koma kuwatchula n'kwina, kuwagwiritsa ntchito galimoto ikuthamanga n'kwinanso.

Tiyeni tiyese ndi nambala imodzi, 60.

Ikakhala yakuda, mkati mwa chikwangwani chozungulira choyera chokhala ndi mkombero wofiira, ikuti musapitirire makilomita 60 pa ola. Limeneli ndi lamulo, ndipo mukaliphwanya mulipira chindapusa. Nambala yomweyo ikakhala yoyera pa chikwangwani chozungulira chabuluu, tanthauzo latembenuka: musayende pang'onopang'ono kuchepera pa 60, ngati msewu ndi nyengo zikulola. Nalonso ndi lamulo, koma likukankhirani mbali ina. Ndiye m'mayiko ena mudzaiona 60 yomweyo pa chikwangwani chabuluu cha makona anayi, kapena pa kachikwangwani kakang'ono kamene kapachikidwa pansi pa chenjezo la pokhota. Apo ndi malangizo chabe: amene anayeza msewuwo akukuuzani liwiro limene akuona kuti n'loyenera pamalopo. Munthu amene anangowerenga nambala n'kusiya zinazo wawerenga gawo lochepa kwambiri la uthengawo.

Zimenezi sizinangochitika mwangozi. Mu 1909 mayiko angapo a ku Ulaya atakumana ku Paris anagwirizana zizindikiro zinayi zokha: malo a mabampu, pokhota, mphambano, ndi pamene msewu wadutsana ndi njanji. Magalimoto atachuluka, zizindikirozo zinachulukanso, ndipo pangano la ku Geneva la mu 1931 linagawa ntchito motsatira kaumbidwe: makona atatu pa zoopsa, zozungulira pa malamulo, makona anayi pa zodziwitsa. Pangano limene mayiko ambiri amatsamirapo lero linasainidwa ku Vienna mu 1968 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1978. Cholinga chake chinali choti dalaivala amene sadziwa chilankhulo cha dziko limene akudutsamo, ngakhalenso amene sadziwa kuwerenga n'komwe, athe kumva zimene msewu ukunena.

Palinso chifukwa china chimene sichifuna mbiri yakale kuti muchimvetse. Diso la munthu limazindikira kaumbidwe ndi mtundu wa chinthu chikadali patali, lisanayambe kuona timizere ta mkati mwake. Galimoto yoyenda makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Ngati mudikira kuti muone bwinobwino kachithunzi kenako n'kuyamba kuganiza chochita, msewu wambiri wapita kale pansi pa matayala. Koma mukangoona makona atatu ofiira cha uko, phazi likhoza kuyamba kuchoka pa mafuta musanadziwe n'komwe kuti chenjezolo ndi la chiyani.

Cha makona atatu

Chikwangwani chochenjeza chimakhala ndi mbali zitatu zofanana, nsonga imodzi italoza kumwamba, mkombero wofiira, ndipo mkati mwake ndi moyera kapena mwachikasu. Pa misewu ikuluikulu mbali iliyonse imakhala pafupifupi masentimita 90, kotero si kanthu kakang'ono monga kamaonekera mukakhala m'galimoto.

Chimene ophunzira ambiri sachigwira msanga n'choti chikwangwani chimenechi sichilamula kanthu. Sichikuuzani kuti imani, sichikuuzani liwiro. Chimangoti kutsogoloku kuli chakuti, ndipo zochita zake mudziwa nokha. Chikakhala cha pokhota, inu ndinu amene muyeze kuti ndi katundu amene mwanyamulayu, ndi mvula imene yagwayi, pokhotapo mulowapo pa liwiro lanji. Ena amaona ngati zimenezi zikuchipeputsa. Ine ndimaona kuti ndiye chovuta kuposa zonse, chifukwa chozungulira chimakuganizirani, pomwe cha makona atatu chimakusiyirani ntchito yoganizayo. Ndipo musaganize kuti poti sichilamula ndiye kuti mukachinyalanyaza palibe mlandu. Mukachita ngozi pamalo amene munachenjezedwa, funso loyamba lidzakhala loti chikwangwani chija simunachione kodi.

Chachiwiri n'choti chenjezo siliikidwa pamalo pangozi penipeni. Limaikidwa kumbuyo, kuti mukhale ndi mpata wokonzeka. Mtunda wake umasiyana dziko ndi dziko komanso malinga ndi liwiro la msewuwo. Ku Germany, kunja kwa matauni, chenjezo limakhala mamita 150 mpaka 250 musanafike pangozipo, ndipo ku France ndi pafupifupi mamita 150 kunja kwa tauni ndi 50 m'tauni. Mamita 150 amamveka ambiri mukamayenda pansi. Pa liwiro la 100 amatha m'masekondi asanu ndi theka osakwana. Chotsanipo sekondi imodzi yoti ubongo umve ndi phazi lisunthe, mwatsala ndi anayi. Wophunzira amene amaona chenjezo n'kunena mumtima kuti ndichepetsa ndikapaona pokhotapo, amafika pokhotapo akupondabe mabuleki, chiwongolero chili chokhota, ndipo ndi mmene galimoto imatayira kumbuyo pamsewu wonyowa. Mabuleki amayenera kuthera pamsewu wowongoka.

Pali cha makona atatu chimodzi chimene chimaswa lamulo lonseli, ndicho chozondoka, chimene nsonga yake yaloza pansi. Chimenechi si chenjezo. Chikukulamulani kuti mupereke mpata kwa magalimoto a mumsewu umene mukulowawo. Simukakamizidwa kuima ngati msewu uli poyera, koma ngati kukubwera galimoto ndinu amene mudikire, ndipo mukalowa n'kuichititsa kuponda mabuleki kapena kukhota mwadzidzidzi, mwalakwa kale ngakhale simunagundane. Anachizondotsa dala, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza ndikafika pa STOP.

Chozungulira, ndi msampha wa kamzere

Zozungulira zili m'magulu awiri, ndipo mtundu ndi umene umawasiyanitsa. Mkombero wofiira ukuti osachita. Buluu wodzaza chikwangwani chonse akuti chitani ichi. Muvi woyera woloza kumanzere pa chozungulira chabuluu sukukupemphani, ukukuuzani kuti njira yololedwa ndi yokhayo. Muvi wakuda wokhotera kumanzere, wodulidwa ndi kamzere kofiira, mkati mwa mkombero wofiira ukuti njira zina zonse pitani, koma kumanzereko ayi.

Apa ndi pamene pali msampha umene umagwira ngakhale madalaivala akale. Tinazolowera kuti choletsedwa chimakhala chodulidwa ndi kamzere kofiira kopingasa, ndiye tikaona chithunzi chopanda kamzereko timaganiza kuti chaloledwa. Ayi ndithu. M'mayiko ambiri mkombero wofiira pawokha ndi chiletso chokwanira. Njinga yojambulidwa mkati mwa mkombero wofiira, popanda kamzere kalikonse, ikutanthauza kuti njinga siziloledwa. Ndinaonapo wophunzira wina atagwira kakhadi ka chikwangwani chimenechi, n'kuyankha mosakayika konse kuti, “Apa ndi njira ya apanjinga.” Mphunzitsi wake sanamutsutse. Anangotulutsa kakhadi kena, ka njinga yoyera pa chozungulira chabuluu, n'kukaika pambali pa koyambako. “Nanga aka?” Mnyamatayo anayang'ana uku, n'kuyang'ana uku, kenako anaseka yekha. Njinga inali yofanana pa makhadi onse awiri, koma kena kanali kuithamangitsa pomwe kena kanali kuipatsa njira yakeyake. Mayiko ena amaikadi kamzereko pa zoletsa zambiri, ndipo zimathandiza, koma musadalire kamzere. Dalirani mkombero.

Chozungulira choyera cha mkombero wofiira chopanda chithunzi chilichonse nacho chimasokoneza. Ena amaganiza kuti chithunzi chinafufutika ndi dzuwa. Tanthauzo lake n'loti msewuwo ndi wotsekedwa kwa magalimoto onse, ochokera mbali zonse ziwiri. Chimasiyana ndi chofiira chonse chokhala ndi mzere woyera wogona pakati, chimene chikuti inu musalowere mbali ino, koma dziwani kuti magalimoto akhoza kutulukira komweko kubwera kwa inu, chifukwa kawirikawiri chimakhala kumathero a msewu woyenda mbali imodzi.

Lamulo la chozungulira limayambira pa mtengo umene chakhomedwapo. Izi n'zosiyana kwambiri ndi chenjezo lija limene limakupatsani mtunda wokonzekera. Mukaona 60 mu mkombero wofiira, muyenera kukhala mutatsika kale kufika pa 60 pamene mukudutsa chikwangwanicho, osati kuyamba kuchepetsa mutachidutsa. Ndipo lamulolo silitha lokha chifukwa choti mwayenda kamtunda ndipo msewu wayamba kuoneka bwino. Limatha mukapeza nambala ina, kapena chikwangwani chothetsa chiletso, chimene m'mayiko otsatira pangano la ku Vienna chimakhala chozungulira choyera chodulidwa ndi mzere wakuda kapena timizere tingapo topingasa. M'mayiko ena mphambano imathetsanso chiletso, m'mayiko ena ayi, choncho mfundo imeneyi muifufuze m'kabuku ka dziko limene mukuyendetsamo.

Pa zoimika galimoto mitundu imasakanikirana pang'ono. M'mayiko ambiri a ku Ulaya ndi ku Asia, chozungulira chabuluu chokhala ndi mkombero wofiira ndi mzere umodzi wopingasa chimaletsa kupaka galimoto, ndipo cha mizere iwiri yopingasana chimaletsa ngakhale kuima pang'ono kuti mutsitse munthu. M'mayiko otsatira dongosolo la SADC mudzaona chilembo P kapena S chodulidwa ndi mzere mkati mwa mkombero wofiira. Buluu wa choyamba chija asakunamizeni. Pamene pali mkombero wofiira, wofiirayo ndiye akulamulira.

Makona anayi

Za makona anayi n'zambiri koma sizivuta kwenikweni. Zimakuuzani kumene msewu ukupita, makilomita amene atsala, kumene kuli chipatala, malo omwetsera mafuta, malo opakira galimoto. Mitundu yake imanena za mtundu wa msewu kapena wa malo, ndipo apa mayiko sagwirizana: ku Britain ndi ku France misewu ikuluikulu yothamangitsa imakhala ndi zikwangwani zabuluu, pomwe ku Italy ndi ku Switzerland ndi zagirini. Zabulawuni pafupifupi kulikonse zimaloza malo okopa alendo. Ndikumbutseko pano kuti m'Chichewa ena timatha kunena kuti “chobiriwira” pa mtundu wa masamba ndi wa thambo womwe. Pophunzira zikwangwani ndi bwino kuzolowera kunena buluu ndi girini mosiyanitsa, chifukwa pamayeso kusakaniza awiriwa kumagwetsa.

Koma kunena kuti cha makona anayi chimangodziwitsa n'kufupikitsa nkhani mopitirira. Zina mwa izo zimakudziwitsani za lamulo limene likugwira ntchito pamalopo, ndipo lamulolo limakumangani. Chikwangwani cha msewu woyenda mbali imodzi ndi cha makona anayi. Chosonyeza kuti mpata uwu ndi wa mabasi okha ndi cha makona anayi. Cha dzina la tauni m'mayiko ngati France ndi Germany chimabweretsa liwiro la m'tauni, makilomita 50 pa ola, ngakhale palibe nambala yolembedwa. Ndiye mawu oti chimadziwitsa muwamve motere: chimakuuzani mmene zinthu zilili pano, ndipo nthawi zina mmene zililimo muli lamulo.

Kuti muone bwino mmene chithunzi chimodzi chimasinthira, taganizirani za munthu woyenda pansi. Ali m'makona atatu ofiira: kutsogoloku kuli malo owolokera anthu, konzekani. Ali pa chabuluu cha makona anayi: malo owolokerawo ndi pano pamene mwafikapa. Ali pa chozungulira chabuluu: njira iyi ndi ya oyenda pansi. Ali mu mkombero wofiira: oyenda pansi saloledwa. Raundabauti nayo chimodzimodzi. Mivi itatu yozungulira m'makona atatu ikuti ili kutsogolo, pomwe pa chozungulira chabuluu ikuti mwafika, zungulirani motsatira mivi.

Pansi pa chikwangwani chachikulu nthawi zambiri pamakhala kachikwangwani kakang'ono ka makona anayi, ndipo ophunzira amakadumpha ngati kalibe ntchito. Kameneka ndi kamene kamachepetsa kapena kufotokoza uthenga wa chachikulucho: maola amene chiletso chikugwira ntchito, mtundu wa magalimoto amene chikuwakhudza, kapena mtunda. Pa mtunda pali kusiyana kochenjera. Kakangolembedwa 200 m, ndiye kuti chinthucho chiyamba pakatha mamita 200. Kakalembedwa 2 km ndi timivi tiwiri toloza m'mwamba mbali zonse za nambalayo, ndiye kuti chinthucho chipitirira kwa makilomita awiri. Amene sadziwa izi amachepetsa liwiro pa pokhota poyamba, n'kuganiza kuti zatha, kenako n'kuthamangira m'pokhota pachiwiri.

Kamtunda kamodzi, zikwangwani zisanu ndi chimodzi

Tiyerekeze kuti mukuyenda pa 100 pamsewu wa tala wouma, masana, ndipo kutsogolo kuli mlatho wopapatiza wokwana galimoto imodzi. Mlathowo simukuuona chifukwa wabisika ndi kachitunda.

Choyamba kuoneka ndi makona atatu ofiira. Musanaone chithunzi, phazi lichoke pa mafuta ndipo diso lipite pagalasi kuona amene ali kumbuyo. Mukayandikira muona mizere iwiri yakuda ikupanikizana, kusonyeza kuti msewu uchepa, ndipo pansi pake pali kachikwangwani ka 200 m. Liwiro lololedwa silinasinthe, likadali 100, chifukwa chenjezo silisintha lamulo. Koma mukapitiriza pa 100, mamita 200 amenewo atha m'masekondi asanu ndi awiri.

Patsogolo pang'ono pali 50 mu mkombero wofiira. Tsopano ndi lamulo, ndipo muyenera kudutsa mtengo wakewo muli pa 50. Kusiyana kwa 100 ndi 50 si theka chabe monga manambala akuonetsera. Mtunda woimira galimoto umakula kanayi liwiro likawirikiza kawiri. Pa tala wouma ndi matayala abwino, galimoto yaing'ono yoyenda pa 50 imaima pakatha mamita pafupifupi 14 kuchokera pamene mabuleki agwira, koma pa 100 imafuna mamita pafupifupi 55. Mukawonjezera mamita 28 aja amene amapita phazi lisanafike pa buleki, mwadutsa mamita 80. Pamsewu wonyowa kapena wa miyala manambala amenewa amakwera kwambiri.

Pa mtengo womwewo kapena wotsatira pali chozungulira cha mkombero wofiira chokhala ndi magalimoto awiri oyandikana, ina yofiira ina yakuda. Kupitirira galimoto inzanu kwaletsedwa. Ngati kutsogolo kwanu kuli lole yoyenda pang'onopang'ono, mukhala kumbuyo kwake basi. Kenako pakubwera china cha mkombero wofiira cholembedwa 10 t. Chimenechi chikuletsa magalimoto olemera kuposa matani 10, ndiye ngati muli m'galimoto yaing'ono sichikukukhudzani. Kudziwa msanga kuti chikwangwani ichi si changa ndi luso lofunikanso, chifukwa maso amamasuka kubwerera pamsewu.

Pakamwa pa mlatho pali chimene chimagwetsa anthu ambiri pamayeso. Ndi chozungulira cha mkombero wofiira, chokhala ndi mivi iwiri: wofiira woloza kumene inu mukupita, wakuda woloza kwa inu. Muvi wofiirawo ndinu. Chikuti perekani mpata kwa obwera kutsogolo, musalowe pamlatho ngati wina akubwera. Dalaivala wa tsidya linalo akuona mivi iwiri yomweyo, koma pa chikwangwani chabuluu cha makona anayi, muvi wake uli woyera ndipo wanu uli wofiira. Iye akudziwitsidwa kuti ali ndi ufulu woyamba kudutsa. Taonani mmene ntchito yagawidwira: amene ayenera kudikira wapatsidwa lamulo, amene ali ndi mwayi wangopatsidwa uthenga. Wa chabuluuyo sanalamulidwe kuti alowe. Akapeza inu muli kale pakati pa mlatho, adikire, chifukwa ufulu wodutsa sukulitsa mlatho.

Mukawoloka mupeza chozungulira choyera chodulidwa ndi mizere yakuda yopingasa, kapena nambala yatsopano mu mkombero wofiira. Apo ndi pamene 50 uja wathera, ndipo ngati ndi choyera chopanda chithunzi, chiletso chopitirira anzanu chatheranso pomwepo. Chisanaoneke chimenechi, ngakhale msewu utatambasuka bwanji, mukadali womangidwa.

Zimene sizilowa m'magulu atatuwa

STOP ali ndi makona asanu ndi atatu, ndipo palibe chikwangwani china chimene chimaloledwa kaumbidwe kameneka. Kanayambira ku America m'zaka za m'ma 1920, ndipo kwa zaka zambiri chikwangwanicho chinali chachikasu mpaka mu 1954 pamene anachisintha kukhala chofiira. Chifukwa chokhalira ndi kaumbidwe kakekake n'chimodzimodzi ndi cha makona atatu ozondoka aja. Ziwirizi ndi zimene zimagamula kuti pamphambano ayambe ndani, ndiye zimayenera kuzindikirika ngakhale zitakutidwa ndi fumbi kapena matope, ngakhalenso mukuzionera kumbuyo. Mukamayenda mumsewu waukulu n'kuona kumsana kwa chikwangwani cha makona asanu ndi atatu pa kamsewu kolowa m'mbali, mwadziwa kuti wotulukira kumeneko ayenera kuima, ngakhale mukungoona chitsulo chotuwa. Izi sizikutanthauza kuti aimadi, koma mwadziwa mmene mphambanoyo anaikonzera.

Pa STOP matayala amayenera kuleka kuzungulira, pa mzere woyera ngati ulipo, ngakhale msewu ukhale wopanda galimoto ndi imodzi yomwe. Kutsetsereka pang'onopang'ono mukusuzumira uku ndi uku si kuima, ndipo woyesa mayeso amayang'anira pomwepo. Kawirikawiri STOP amaikidwa pamene simungathe kuona bwino msewu winawo mpaka mutafika pamphambano penipeni, pomwe makona atatu ozondoka amaikidwa pamene mungathe kuona patali mukuyandikira. Ndiye chikwangwanicho chikukuuzaninso kanthu kena za malowo: maso anu pano ndi osakwanira.

Mtundu wachikasu umafuna kusamala chifukwa ntchito yake imadalira dziko. M'dongosolo la SADC komanso ku France, chikwangwani chimene nthawi zonse chimakhala choyera mkati chikaoneka chachikasu, ndiye kuti n'chongoyembekezera, monga pamene akukonza msewu. Mphamvu yake ndi yofanana ndi ya chokhazikika, ndipo pamene ziwirizi zikutsutsana mumatsatira chachikasucho, chifukwa ndicho chikunena za msewu mmene ulili lero. Koma ku Sweden ndi ku Finland zikwangwani zochenjeza ndi zoletsa zimakhala zachikasu mkati masiku onse, kuti zizioneka bwino m'chipale chofewa.

Ndipo pali mayiko amene chenjezo lawo si la makona atatu n'komwe. Ku America, Canada, Australia, Japan ndi Ireland, chenjezo ndi chikwangwani chachikasu cha makona anayi choimikidwa pa nsonga, chokhala ndi chithunzi chakuda. Pangano la ku Vienna limalola kaumbidwe kameneka. Ku America liwiro lololedwa limalembedwa pa chikwangwani choyera cha makona anayi, ndipo ndi lamulo lenileni, osati uthenga chabe. Ku Japan choimitsa galimoto ndi makona atatu ofiira ozondoka. Kusokonezeka kwina kumabwera chifukwa ku Ulaya kulinso chachikasu choimikidwa pa nsonga, chokhala ndi mkombero woyera ndipo chopanda chithunzi, koma icho chikuti msewu umene mulimowu ndi umene uli ndi ufulu woyamba pamphambano. Amene amaphunzirira pa zithunzi ndi mavidiyo a pa intaneti amatha kusakaniza madongosolo awiri osadziwa. Musanakhulupirire chithunzi, dziwani kuti ndi cha dziko liti.

Chotsala ndi chikwangwani chokalamba. Utoto wofiira umafulumira kufwifwa padzuwa, kotero mudzakumana ndi zikwangwani zimene mkombero wake wasanduka wotuwa, mwina mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi mkati mwake. Usiku zikwangwani zimawala chifukwa cha pepala lapadera limene limabweza kuwala kwa nyali zanu kubwerera kumene kwachokera, ndipo pepalalo likatha mphamvu chikwangwani chimaonekera mochedwa, muli nacho kale pafupi. Palinso madalaivala, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira chibadwire. M'zonsezi mtundu ndi umene umayamba kutayika, kenako chithunzi, koma chitsulocho chimakhalabe mmene anachidulira. Mukaona chozungulira chofwifwa chimene mkati mwake mukadali moyererako, chitengeni ngati choletsa. Chikakhala chozungulira choderako mkati monse ndi muvi woyera, chinali chabuluu, tsatirani muviwo. Chikakhala cha makona atatu ndipo chithunzi chinatheratu, chotsani phazi pa mafuta, yang'anani pagalasi, ndipo muyembekezere kukumana ndi chinachake m'masekondi asanu akubwerawa.